Mukaneni mwaulemu, kamodzi kokha, ndipo musamuuze chifukwa

M'machapa a pakati pa Ulongwe ndi Tete, ngakhalenso pamabenchi a mumsika, pali mkangano womwe sukutha wokhudza mauthenga a ntchito omwe akufika m'mafoni mwa achinyamata athu. Kuti ambiri mwa mauthengawa ndi a akathyali, palibenso amene akutsutsa. Pomwe anthu akusiyana ndi pa zoti uchite ukazindikira kuti munthu amene akukulonjeza ntchitoyo ndi wokayikitsa. Ena akuti ungokhala chete. Ena akuti umutukwane mpaka azindikire kuti sunabadwe dzulo. Enanso, makamaka makolo amene atopa kuona mwana womaliza kalasi 12 akungokhala pakhomo, akuti usamukane msanga, mwina ntchitoyo ilipodi. Ine mbali yanga ndi iyi: ngati munthuyo akukudziwani ndi dzina ndipo munayamba kale kulankhulana naye, muyankheni kamodzi kokha, mwaulemu, mwachidule, osamutchula kuti ndi wakuba komanso osamufotokozera chomwe mwamukayikira. Ulemu umenewu sindikuupempha chifukwa chomumvera chisoni iyeyo ayi. Ndikuupempha chifukwa ndi umene ukutetezani inu.

Kuti tisakangane m'malere, tiyeni titenge chitsanzo, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza. Mtsikana wa ku Domwe wakhala akusiya CV yake m'maofesi osiyanasiyana mu mzinda wa Tete. Tsiku lina madzulo akulandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa bambo wina amene akuti amalemba anthu ntchito m'malo mwa kampani ina ya kumigodi ya malasha ku Moatize. Akumutchula dzina lake lonse, akutchulanso sukulu yomwe anaphunzira. Akuti wasankhidwa kukhala wosunga katundu m'nyumba ya zipangizo, malipiro ndi 45,000 metikali pa mwezi, nyumba ndi chakudya zaulere. Mafunso oyesa munthu ntchito palibe, akuti CV yakwanira. Chofunika n'choti atumize chithunzi cha chiphaso chake cha BI mbali zonse ziwiri, nambala ya msonkho ya NUIT, chithunzi cha nkhope yake atagwira BI yo, ndiponso 2,500 metikali ya kuchipatala ndi yunifolomu pa nambala ya M-Pesa yomwe akumupatsa, isanakwane 12 koloko mawa, chifukwa malo atsala awiri okha. Kalata ya ntchito ikubwera ndi chizindikiro cha kampani chooneka bwino, koma adiresi yomwe yatumiza ikuthera ndi gmail.com.

Chilichonse mwa zimenezi pachokha munthu akhoza kuchipezera chifukwa. Makampani ang'onoang'ono ena amagwiritsadi ntchito gmail.com, ndipo kumigodi kuli makontilakita ambiri omwe mayina awo sitiwadziwa. Kuyambira pomwe Vale inagulitsa mgodi wa ku Moatize kwa Vulcan mu 2022, munthu wa ku Angonia amene sakhala pafupi sangadziwe mosavuta kuti kampani iti ilipobe ndipo iti inachoka, ndipo akathyali amadyera pachisokonezo chomwecho. Koma zizindikirozi zikakumana pamodzi, nkhani yatha: malipiro aakulu kuposa ntchitoyo, kulembedwa popanda kuonana, changu cha maola ochepa, zikalata zofunidwa mgwirizano usanaoneke, ndipo koposa zonse ndalama zopita pa nambala ya munthu wamba. Chizindikiro chomalizachi chokha chikwanira. Malamulo a dziko lino la Mozambique amafuna kuti bungwe lililonse lopezera anthu ntchito likhale ndi chilolezo cha boma, ndipo amaletsa mabungwe otere kulipiritsa munthu wofuna ntchito. Wolipira ndi kampani yomwe ikufuna antchitoyo. Mlimi wa mbatata wa ku Tsangano atafikiridwa ndi wogula womuuza kuti ayambe walipira 2,500 kuti matumba ake agulidwe, angaseke n'kubwerera kumunda. Wofuna ntchito naye ndi wogulitsa, akugulitsa mphamvu zake, ndiye n'chifukwa chiyani iye alipire?

Tsono yankho lomwe ndikunena ndi lotere, ndipo mukhoza kulilemba m'Chipwitikizi ngati munthuyo analemba m'Chipwitikizi: “Bambo, zikomo pondiganizira pa ntchito imeneyi. Ndaganiza zoti ndisapitirize, choncho dzina langa mulichotse pa mndandanda wanu, ndipo CV yanga musaigwiritsenso ntchito kapena kuipereka kwa wina. Ine sinditumiza ndalama kapena zikalata pa foni pa nkhani ya ntchito. Ndikadzafuna ntchito ku kampaniyi ndidzapita ndekha ku ofesi yake. Tsalani bwino.”

Taonani zomwe mulibe m'yankholi. Mulibe funso, chifukwa funso limaitana yankho, ndipo yankho limaitana kucheza kwina. Mulibe kupepesa kwambiri, chifukwa simunalakwe. Mulibe mawu oti “pakadali pano” kapena “mwina mtsogolo muno”, omwe ife timakonda kufewetsera kukana koma wakuba amawamva ngati kumuuza kuti adzayesenso mwezi wamawa. Chachikulu, mulibe chifukwa. Apa mpomwe ambiri amagwera, poti mwambo wathu umatiphunzitsa kuti kukana munthu wamkulu popanda kumufotokozera ndi mwano. Koma chifukwa chilichonse chomwe mungamupatse, iye ali nalo kale yankho lake. Mukati ndalama mulibe, akuuzani kuti wakumverani chisoni, tumizani 800 yokha, yotsalayo adzadula pa malipiro oyamba. Mukati makolo akana, apempha nambala ya mayi anu kuti alankhule nawo yekha, ndipo mayi anu, pomva mawu aulemu a munthu wofuna kuthandiza mwana wawo, akhoza kugulitsa mbuzi. Mukati mwakayikira chifukwa cha gmail.com ija, mwamuphunzitsa chomwe akonze asanalembere mtsikana wina wa ku Furankungo. N'chifukwa chake chiganizo chachitatu cha yankho lija sichikunena za iye, chikunena za inu. Chikutchula lamulo lanu, lomwe mungauze aliyense, ndipo lamulo la mwini wake munthu sakambirana naye mtengo.

Tsopano tiyeni timve a mbali ina, kuyambira ndi amene akuti kungokhala chete ndiye nzeru. Mfundo yawo ndi yakuti ukayankha, wamuuza wakubayo kuti nambala yako ndi yamoyo ndipo mwini wake amawerenga, motero nambalayo ipitirira kwa anzake. Pali pomwe akunena zoona, ndipo ndikuvomereza popanda kukakamizidwa. Uthenga wofika kuchokera ku nambala yachilendo, wosatchula dzina lanu, wongoti pali ntchito yolipira bwino dinani apa, umenewo musauyankhe n'komwe ndipo musadine. Unatumizidwa kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo palibe munthu amene akudikira yankho lanu. Koma nkhani ya mtsikana wa ku Domwe ija ndi ina. Bamboyo ali ndi CV yake, akudziwa komwe amakhala, ndipo analankhulana kale. Pa WhatsApp zizindikiro ziwiri zija zinamuuza kalekale kuti uthenga wafika, ndiye palibe chinsinsi chomwe chete akusunga. Chomwe chete amachita pamenepa n'kusiya nkhani ili pakati. Munthu amene anayankha dzulo n'kukhala chete lero amaoneka ngati akusakasaka ndalama, ndipo wakuba amamuimbira m'mawa, masana ndi usiku, kenako amaimbira anthu omwe mtsikanayo anawalemba pa CV ngati mboni zake. Pa tsiku lachitatu la mafoni otere, munthu amene wakhala zaka osagwira ntchito amayamba kudzifunsa ngati sakutaya mwayi. Kukana kolembedwa kumatseka nkhaniyo kwa wakubayo, komanso kumaitseka mumtima mwa mwini wake, ndipo chachiwirichi n'chimene ndimachiona chofunika kwambiri.

Achiwiri ndi amene akuti wakuba sapatsidwa ulemu, ndipo awa ndimawamvetsa kuposa onse. Munthu amene akubera mwana wosauka ndalama yomwe mayi ake apeza pogulitsa chimanga, n'kumutchulanso kuti “Bambo”, zimawawa. Akuti umuuze kuti ndi mbava, umuopseze ndi apolisi, achite manyazi. Vuto n'lakuti manyazi ndi chinthu chomwe munthu wa ntchito imeneyi anasiya kalekale. Amatukwanidwa tsiku ndi tsiku ndipo amangopita pa nambala yotsatira. Amene amatsala ndi chiopsezo ndi inu, chifukwa pakati pa awirinu, iye ndiye akudziwa dzina lanu, mudzi wanu, nkhope yanu ndi nambala za abale anu, pomwe inu simukudziwa ngakhale dzina lake lenileni. Kukwiyitsa munthu wotere n'kupanda phindu. Kuwonjezera apo, kumuopseza ndi apolisi kumamuthandiza iyeyo. Akangomva mawu amenewo amafufuta mauthenga ake mbali zonse ziwiri ngati nthawi yake ikadalipo, amataya simu khadi ija n'kuika ina, ndipo mukafika kupolisi mulibe chosonyeza. Amene akufunadi kuti wakubayo agwidwe ayenera kuchita mosemphana ndi zomwe mkwiyo ukumuuza: ayambe wajambula zonse zomwe zili pa foni, nambala yomwe inalemba, nambala yolandirira ndalama, kalata ya ntchito ija ndi mauthenga a mawu, kenako atumize yankho lofatsa lomwe silimudzidzimutsa, ndipo pambuyo pake atenge umboniwo kupita nawo kupolisi kapena ku SERNIC, bungwe la boma lofufuza milandu, komanso ku sitolo ya kampani ya foni yomwe nambalayo ndi yake. Dongosolo lake ndi lomwelo, kujambula kuyambe, kukana kutsatire.

Palinso china chomwe okonda kutukwana amaiwala, ndipo kuno kwathu n'chachikulu. Nthawi zambiri amene wakulemberani si mwini wake wa chinyengocho. Ndi amalume, ndi mkulu wa kumpingo, ndi mnzanu wa kusukulu amene anauzidwa kuti akapeza anthu asanu, iye alowa ntchito popanda kulipira. Iyeyo amakhulupiriradi, mwinanso analipira kale. Mukamutchula wakuba mwataya m'bale pa mlandu womwe sanaudziwe, ndipo mawa mudzakumana pamaliro. Kwa munthu wotere yankho lija limasintha kamvekedwe koma osati mfundo: “Amalume, ndathokoza kwambiri pondikumbukira. Ntchito yoyamba ndi kulipira ine sindilowa, ndiye dzina langa musalipereke. Inunso musatumize kanthu tisanaonane.” Apa pokha mpomwe ndingalole kuti chifukwa chinenedwe, koma chinenedwe pamaso, mutakhala pansi, osati pa foni pomwe amalume angangotumiza mawu anu kwa wakubayo kuti awayankhe.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera kwambiri, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Makolo akuti ntchito zikusowa, ndipo aliyense akudziwa wina amene analowa ntchito yeniyeni atapereka kangachepe. Ndiye bwanji ngati bamboyu ndi wakatangale chabe, osati wakuba, ndipo 2,500 ija ikanatseguladi khomo? Kutaya 2,500 n'kochepa poyerekeza ndi kutaya malipiro a mwezi ndi mwezi. Kunena zoona, katangale pa kulemba anthu ntchito alipo, ndipo n'chifukwa chake chinyengochi chimayenda bwino chotere: anthu anazolowera kuti ntchito imagulidwa, ndiye kupemphedwa ndalama sikuwadabwitsa. Koma kuwerengera kumeneku kwalakwika pawiri. Choyamba, 2,500 siikhala yomaliza. Amene walipira kamodzi wadziulula kuti ndalama amaipeza ndipo mtima wake wagwidwa, ndiye pakapita masiku awiri pabwera ya khadi yolowera kumgodi, kenako ya maphunziro a chitetezo, kenako ya bwana wina amene wagwira fayilo. Nthawi iliyonse munthu amalipira poopa kutaya zomwe walipira kale. Chachiwiri, ndalama si chinthu chokha chomwe chikupita. Chithunzi cha BI mbali zonse pamodzi ndi cha nkhope n'chimene munthu amafunika kuti ayese kulembetsa simu khadi kapena kutsegula akaunti m'dzina lanu, ndipo nambala imeneyo ikadzabera wina, dzina lotuluka ndi lanu. Akapempha kuti muwawerengere manambala 6 omwe angofika pa SMS, ponena kuti ndi otsimikizira fomu yanu, dziwani kuti ndi omwe WhatsApp imatumiza munthu akafuna kusamutsa akaunti yanu kupita pa foni ina. Mukawapereka, mawa abale anu onse alandira uthenga wochokera kwa “inu” wopempha ndalama.

Ndipo pomwe ntchito yolonjezedwayo ili kunja kwa dziko, chotayika chikhoza kukhala munthu weniweniyo. Tonse tinamva za amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka ali antchito a m'nyumba osaloledwa kuchoka, mapasipoti awo atalandidwa. Awo ndi anansi athu a kutsidya kwa Dedza, olankhula chinenero chathu chomwechi. Dziko la Mozambique lili ndi lamulo lothana ndi kugulitsa anthu kuyambira 2008, koma lamulo limagwira ntchito munthu atapita kale, pomwe kukana kumagwira asanakwere galimoto.

Koma yankho langa lenileni kwa makolo ndi lakuti kukana kwaulemu kuja sikutseka khomo la ntchito yeniyeni, ndipo apa mpomwe kukuposa kutukwana ndi chete yemwe. Tiyerekeze kuti mtsikana uja walakwitsa, bamboyo ndi wolemba anthu ntchito woona amene amangochita zinthu mosalongosoka. Akalandira mwano, dzina la mtsikanayo laipa ku kampaniyo. Akalandira chete, amuyesa wosafuna ntchito. Koma akalandira uthenga woti munthuyu satumiza ndalama pa foni ndipo adzabwera yekha ku ofesi, palibe chomwe chamupweteka. Munthu woona amayankha ndi dzina la msewu, tsiku ndi ola loti mufike, ndipo sakwiya. Mtsikanayo angathe kukwera chapa kupita ku Moatize, kukafunsa pa geti kapena ku ofesi yolemba antchito ngati dzina la bamboyo likudziwika, kapena kufunsa ku ofesi ya INEP, bungwe la boma loona za kupeza ntchito, ngati bungwe lotchulidwalo lili ndi chilolezo. Chofunika n'chakuti nambala kapena adiresi yofunsira aipeze yekha, asatenge yomwe yalembedwa pa kalata yokayikitsa ija, chifukwa amene angayankhe foni imeneyo ndi mnzake wa wakubayo. Mtengo wa chapa ndi wochepa kuposa 2,500, ndipo ukabwerako umadziwa chenicheni.

Wakuba, kumbali yake, amadziulula yekha pa zomwe amachita akakanidwa, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu kuti zisakudzidzimutseni. Wina amangosowa, ndipo zikatero mwapuma. Wina amachonderera, amati wakuvutikirani kwambiri, wayika dzina lake pachiswe chifukwa cha inu, ndipo pali mnyamata wina wa ku Zobwe amene akulira malo omwewo. Wina amasanduka chilombo: akuti dzina lanu lalowa kale m'kompyuta ya kampani, kubwerera m'mbuyo kuli ndi chindapusa, mukapanda kulipira akutengerani kukhoti kapena akutsekerani kuti musadzalembedwenso ntchito kumigodi konse. Zonsezi n'zabodza. Simunasayine mgwirizano uliwonse, ndipo munthu sapatsidwa mlandu chifukwa chokana ntchito yomwe sanaiyambe. Pomwe ndimasiyana ndi ena ogwirizana nane pa nkhani ya ulemu ndi apa: iwo amati uyankhenso mofatsa, umufotokozere bwino. Ine ndikuti ayi. Ulemu munaupereka kale, ndipo yankho lachiwiri limafafaniza loyamba, chifukwa limamuonetsa kuti akakankha mumagwedezeka. Jambulani chiopsezocho, chiwonjezereni pa umboni uja, kenako dinani Report ndi Block.

Nanga amene wazindikira mochedwa, ndalama kapena BI atatumiza kale? Yankho lake ndi lomwe lija, kungoti asawonjezere zopempha kuti amubwezere ndalama, chifukwa pempho limenelo ndi khomo lina: amuuza kuti kubweza n'kotheka akalipira kaye kandalama kokonzera mapepala. Asunge uthenga wa M-Pesa kapena e-Mola wokhala ndi nambala ya malipirowo, apite nawo msanga ku sitolo ya kampani ya foni ndi kupolisi, ndipo ngati anatumiza BI anene zimenezo pomwepo kuti zilembedwe, tsiku lake lidziwike. Ndalamayo nthawi zambiri siibwera, chifukwa imatapidwa pa ajenti patangopita mphindi zochepa. Koma pepala la kupolisi losonyeza tsiku lomwe munanena kuti BI yanu ili m'manja mwa mlendo lidzakuthandizani ngati dzina lanu lidzatulukira pa mlandu womwe simukuudziwa, ndipo anthu omwe munawalemba pa CV ngati mboni muwaimbire tsiku lomwelo, bamboyo asanawapeze.